Magetsi akazima bakapu isanachitike: zotchera pa kompyuta ya mu ofesi ndi zoona akayaka

Kompyuta ya Windows ili ndi pulogalamu yotchedwa Task Scheduler, yomwe imayambitsa ntchito yokha nthawi imene mwaiuza ikakwana. Maofesi ang'onoang'ono omwe ndimawakonzera makompyuta m'tauni muno, monga mashopu ogulitsa zipangizo zomangira, malo otayipira ndi kupulinta, ndi timagulu tosungitsa ndalama, amaigwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi makamaka: kukopera mafayilo a ofesi ku disiki ina tsiku lililonse, zomwe timati bakapu. Vuto ndi lakuti nthawiyo ikakwana kompyuta ili chizimire, Windows imangolidumpha tsikulo mwakachetechete. Sikuuzani kanthu pa sikirini. Eni ake amadzazindikira tsiku limene fayilo ya ngongole yakana kutseguka, n'kupeza kuti bakapu yomaliza ndi ya mwezi watha.

Ambiri a inu achinyamata ndi amene mumauzidwa kuti “taonako kompyutayi” kuntchito kapena kushopu ya amalume, ndiye ndilongosola mwa tsatanetsatane ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze shopu yomwe imasunga zonse mu foda ya `C:\Ofesi`, kuphatikizapo fayilo ya Excel yotchedwa `ngongole.xlsx`. Bakapu imapita ku disiki yolumikiza pa USB yomwe imaoneka ngati `E:`, ndipo nthawi yake ndi 4:30 madzulo tsiku lililonse.

Kabokosi kamene kamabweza tsiku lodumphidwa

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `taskschd.msc`, kenako Enter. Pezani ntchito yanu pa mndandanda, idineni kawiri, ndipo pitani pa tsamba la Settings. Pamenepo pali kabokosi kolembedwa “Run task as soon as possible after a scheduled start is missed”. Ntchito yatsopano imabwera kabokosika kali kosachonga, n'chifukwa chake masiku a magetsi amadumphidwa. Mukachonga, Windows ikayaka imaona kuti 4:30 inadutsa iyo ili mtulo, ndipo imayambitsa ntchitoyo.

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe kuti musasokonezeke. Choyamba, siyamba pompopompo. Windows imadikira mphindi pafupifupi 10 kaye, ndiye musathamangire kunena kuti zakanika. Chachiwiri, imachita kamodzi kokha. Kompyuta ikakhala yozima masiku atatu, simupeza mabakapu atatu ayi, mupeza imodzi ya tsiku limene yayaka.

Koma si ntchito iliyonse yomwe ikufunika kabokosi aka. Maofesi ena amatchera kuti kompyuta izizima yokha 6 koloko madzulo. Mukachonga pa ntchito ngati imeneyo, magetsi n'kuzima 5 koloko, mawa lake m'mawa kompyuta idzayaka bwinobwino, n'kudzizimitsa patapita mphindi 10 munthu ali pakati polemba lisiti. Chimodzimodzi ntchito yotumiza mauthenga okumbutsa za msonkhano: kuwatumiza msonkhano utatha n'kungodzichititsa manyazi. Funso lomwe ndimadzifunsa pa ntchito iliyonse ndi ili: ikachitika mochedwa, ikhalabe ndi phindu? Pa bakapu yankho ndi inde.

Malo ena awiri omwe ntchito imakodwa

Pitani pa tsamba la Conditions. Mupeza timabokosi tiwiri tochongedwa kale: “Start the task only if the computer is on AC power” ndi “Stop if the computer switches to battery power”. Tanthauzo lake n'lakuti kompyuta ikakhala pa batire, ntchitoyo siyamba, ndipo ngati inayamba kale imadulidwa panjira. Ngati ofesi yanu imagwiritsa ntchito laputopu, apa ndi pamene bakapu imathera: magetsi azima, laputopu ikuyakabe, 4:30 yakwana, koma palibe chomwe chachitika. Pa laputopu chotsani kuchonga timabokosi tonse tiwiri. Pa kompyuta yaikulu yomwe ili pa UPS yolumikizidwa ndi chingwe cha USB, Windows imaiona UPS ija ngati batire, ndiye lamuloli limagwiranso. Koma apo ine ndimasiya koyambako kochonga, chifukwa batire la mphindi zochepa si loyambira nalo kukopera.

Kenako tsamba la General. Ngati pasankhidwa “Run only when user is logged on”, ntchitoyo imadikira munthu alowetse pasiwedi. Kompyuta ikayaka Loweruka masana kulibe munthu, ingokhala pakhomo mpaka Lolemba. Sankhani “Run whether user is logged on or not”, ndipo Windows ikufunsani pasiwedi ya akauntiyo. Akaunti yopanda pasiwedi imakana, ndiye muyambe mwaiika. Kumbukiraninso kuti tsiku lomwe mudzasinthe pasiwedi, mudzabwere pano n'kulowetsa yatsopanoyo, apo ayi ntchitoyo idzasiya kuyamba.

Ngozi yaikulu: bakapu kufufuta zabwino

Apa ndi pomwe ambiri saganizirapo. Magetsi akazima pa nthawi imene Excel ikusunga `ngongole.xlsx`, fayiloyo ikhoza kuonongeka. Mawa lake kompyuta yayaka, kabokosi tachonga kaja kagwira ntchito yake, ndipo bakapu yakopera fayilo yoonongekayo pamwamba pa yabwino yomwe inali pa `E:`. Mwataya zonse ziwiri musanamwe n'komwe tiyi. Ngozi ina ndi yakuti magetsi azime kukopera kuli pakati, foda ya bakapu n'kutsala theka yatsopano theka yakale, popanda chokuuzani.

Mankhwala ake ndi awiri: tsiku lililonse la sabata likhale ndi foda yakeyake, ndipo bakapu izisiya chizindikiro ikafika kumapeto. Pangani foda ya `Bakapu` pa disiki ya `E:`. Kenako tsegulani Notepad, lembani izi, ndipo sungani ndi dzina la `bakapu.bat` mu foda ngati `C:\Ntchito`, mutasankha “All files” kuti isathere ndi `.txt`:

```
@echo off
if not exist "E:\Bakapu" exit /b 1
for /f %%d in ('powershell -NoProfile -Command "(Get-Date).DayOfWeek"') do set TSIKU=%%d
del "E:\Bakapu\%TSIKU%\yatha.txt" 2>nul
robocopy "C:\Ofesi" "E:\Bakapu\%TSIKU%" /E /R:2 /W:5
if %ERRORLEVEL% GEQ 8 exit /b 1
echo %DATE% %TIME% > "E:\Bakapu\%TSIKU%\yatha.txt"
exit /b 0
```

Pa tsamba la Actions lozani ntchito yanu ku fayilo imeneyi. Tsopano tione zomwe ikuchita. Mzere wachiwiri ukuona ngati disiki ilipo. Ngati wina waizula kuti atchajire foni pa bowolo, ntchitoyo imaima n'kunena kuti yalephera. Mzere wachitatu ukufunsa Windows kuti lero ndi lachingati, ndiye mafoda amatuluka ndi mayina a `Monday`, `Tuesday` ndi ena otero. Mzere wachinayi ukufufuta `yatha.txt` yakale kukopera kusanayambe, ndipo wachisanu ndi chiwiri ukulemba yatsopano, yokhala ndi deti ndi nthawi, pokhapokha kukopera kwatha bwino. Lamulo lake ndi losavuta: foda yopanda `yatha.txt` musaidalire.

Musachotse `/R:2 /W:5`. Mafayilo ena amakana kukopedwa akakhala otsegula, ndipo `robocopy` mukaisiya yokha imayesanso ka 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 ulendo uliwonse. Ntchitoyo imangoti ikuyenda ikuyenda, ya mawa n'kulephera kuyamba chifukwa ya dzulo sinathe, mpaka Windows idzaidule patapita masiku atatu. Manambala athuwo akuiuza kuti iyesenso kawiri kokha, motalikana masekondi 5. Nambala ya 8 ija ilinso ndi chifukwa: `robocopy` ikatha imapereka nambala, ndipo yochepera 8 imatanthauza kuti palibe fayilo yomwe yalephera, pomwe 8 kupita m'mwamba ndiye vuto. Ndipo mukaona wina pa intaneti akulimbikitsa `/MIR` m'malo mwa `/E`, dziwani kuti imeneyo imafufuta pa bakapu chilichonse chomwe chasowa mu `C:\Ofesi`.

Njira iyi ili ndi malire ake. Imadya malo kasanu ndi kawiri, kutanthauza kuti foda ya 2 GB imafuna 14 GB ngati mumatsegula masiku onse. Imakupatsaninso sabata imodzi yokha: fayilo ikaonongeka wina osazindikira kwa sabata yathunthu, mafoda onse adzakhala ndi yoonongekayo. Komanso disiki ya `E:` ili pa tebulo lomwelo, ndiye wakuba kapena magetsi obwera ndi mphamvu akhoza kutenga zonse. Pakutha pa mwezi koperani foda imodzi yokhala ndi `yatha.txt` pa fulashi ina, mukasunge kunyumba.

Kompyuta yeniyeniyo: kuyaka yokha, wotchi ndi UPS

Zonse tatcherazi zimadikira kuti kompyuta iyake. Makompyuta aakulu ambiri atha kudziyatsa magetsi akabwera, ngati mwawauza mu BIOS. Poyatsa dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa Lenovo yapatebulo, kapena Del pa ena ambiri. Funani pomwe palembedwa “AC Recovery”, “After Power Loss” kapena “Restore on AC Power Loss”, ndipo sankhani “Power On”. Ndimapewa “Last State” chifukwa kompyuta ikakhala kuti inazimitsidwa bwinobwino magetsi asanathe, imakhalabe yozima. Dziwaninso kuti BIOS imaona zomwe zikuchitika pa chingwe chake chokha. Ngati UPS sinasiye kupereka moto mpaka magetsi abwera, kwa kompyutayo magetsi sanazime, ndipo muyenera kudina batani nokha.

Magetsi athuwa nthawi zina amabwera n'kuphethira kawiri katatu asanakhazikike. Kompyuta yodziyatsa yokha imamenyedwa ulendo uliwonse, ndiye ngati mulibe UPS, ikani kachipangizo koteteza kokhala ngati ka pa filiji kaja, komwe kamadikira kaye kasanalole moto kudutsa.

Chinanso ndi wotchi. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati kobiri, kolembedwa CR2032, ka mavoti atatu. Ndi kamene kamasunga deti ndi zomwe mwatchera mu BIOS pamene kulibe moto, ndipo m'makompyuta a kaunjika nthawi zambiri kamakhala katatopa. Chizindikiro chake n'chakuti magetsi akazima, deti limabwerera zaka zam'mbuyo, masamba a pa intaneti amakana kutseguka, ndipo “Power On” ija imabwerera mwakale. Deti likabwerera kumbuyo kwa tsiku limene munauza ntchito kuti iyambire, bakapu sichitika, poti kwa Windows tsikulo silinafike. Wotchi ikangotsalira ndi tsiku, bakapu imalowa mu foda yolakwika. Kusintha kabatireka ndi ntchito ya mphindi zochepa, mutazula chingwe kukhoma, kenako n'kutcheranso deti ndi BIOS.

Za UPS, musaiyese jenereta. Yaing'ono ya 650VA, yomwe kawirikawiri imakhala ndi batire limodzi la 12V 7Ah, imakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzimitsa mwadongosolo, basi. Ngati ili ndi bowo la USB, ilumikizeni ku kompyuta, kenako mu Power Options pansi pa Battery ikani “Critical battery action” pa “Shut down”, ndipo kwezani “Critical battery level” kuti kompyuta iyambe kuzima batire lisanatheretu. Pulinta ya leza isalumikizidwe pa UPS; imakoka moto wambiri potenthetsa. Batire la UPS limakalamba pakapita zaka zochepa, ndiye miyezi ingapo iliyonse tsekani mafayilo onse, zimitsani swichi ya kukhoma, muwerenge mphindi zomwe ikupirira.

Pomaliza pa gawoli, yang'anani ndandanda ya kuzima kwa magetsi yomwe a ESCOM amatulutsa m'nyengo zovuta. Ngati dera lanu limazimitsidwa madzulo, sunthani bakapu ipite nthawi ya nkhomaliro, pamene mafayilo ali otseka.

Magetsi abwera: dongosolo loona

Tibwerere ku shopu ija. Lachiwiri magetsi azima 3:40 masana, wogulitsa akulemba mu `ngongole.xlsx`, ndipo palibe UPS. Abwera Lachitatu 7:50 m'mawa, kompyuta yadziyatsa. Umu ndi momwe ndimayendera, ndipo dongosolo lake ndi lofunika.

Choyamba ndimaona deti ndi nthawi pakona ya sikirini, kufananiza ndi foni. Zikasiyana ndimakonza kaye, chifukwa china chilichonse chomwe ndiwerenge chikudalira wotchiyo.

Chachiwiri ndimafuna kudziwa nthawi imene inazima. Windows ndi R, `eventvwr.msc`, Windows Logs, kenako System. Mzere wa nambala 41 wochokera ku Kernel-Power umanena kuti kompyuta inayakanso isanazime mwadongosolo, ndipo wa 6008 umatchula nthawi yoyandikira pomwe inazimira. Mu chitsanzo chathu ukulozera cha m'ma 3:40 Lachiwiri. Pamenepo ndadziwa kuti bakapu ya 4:30 Lachiwiri sinachitike, ndiye yabwino yomaliza iyenera kukhala ya Lolemba. Ikanakhala kuti yazima 4:31, ndikanakayikira foda ya `Tuesday`, ndipo ndikanaipeza ilibe `yatha.txt`.

Chachitatu ndi disiki. Tsegulani Command Prompt posankha “Run as administrator” n'kulemba:

```
chkdsk C: /scan
chkdsk E: /f
```

Loyambalo limafufuza disiki yaikulu kompyuta ikugwirabe ntchito. Likapeza vuto, lembani `chkdsk C: /f`, vomerani, ndipo yatsaninso kompyuta. Lachiwirilo limakonza disiki ya bakapu, koma muliyendetse bakapu ikatha, osati ili mkati. Disiki ya bakapu ndi bwino ikhale ya NTFS, chifukwa NTFS imasunga kaundula wa zosintha ndipo imadzikonza msanga magetsi akazima, pomwe FAT32 ndi exFAT, zomwe mafulashi ambiri amabwera nazo, zilibe kaundulayo. Koma kaundulayo amateteza dongosolo la disiki, osati zam'kati mwa fayilo yanu. `chkdsk` ikhoza kunena kuti zonse zili bwino fayilo ya ngongole ili yoonongeka.

N'chifukwa chake chachinayi ndi kutsegula fayilo yomwe inali yotsegula magetsi akuzima. Excel imasunga kope yapadera mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, ndipo ikayaka imaionetsa kumanzere pa Document Recovery. Isungeni ndi dzina lina, monga `ngongole-lachiwiri.xlsx`, musanatseke. Ngati palibe kope yotere ndipo fayilo ikukana kutseguka, pitani ku `E:\Bakapu\Monday`, tsegulani `yatha.txt`, mutsimikize kuti deti lake ndi la Lolemba lapitali cha m'ma 4:30. Foda ya `Tuesday` ili ndi `yatha.txt` nayonso, koma deti lake ndi la sabata yatha, ndiye werengani deti, osangoona kuti fayiloyo ilipo. Yoonongeka ija ipatseni dzina lina, musaifufute, kenako koperani ya Lolemba ilowe mu `C:\Ofesi`. Zomwe zatayika ndi za kuyambira Lolemba 4:30 mpaka Lachiwiri 3:40, ndipo zimenezo mumazilowetsanso kuchokera m'buku la malisiti.

Nanga bakapu yobweza ija? Cha m'ma 8 koloko yayamba yokha, n'kukopera fayilo yoonongekayo mu foda ya `Wednesday`. Palibe chodandaula, poti ya Lolemba sinakhudzidwe. Mukamaliza kukonza, dinani ntchitoyo ndi batani lakumanja mu Task Scheduler n'kusankha Run, kuti `Wednesday` ikhale ndi zabwino.

Chomaliza ndi kuwerenga mizati iwiri mu Task Scheduler: Last Run Time ndi Last Run Result. `0x0` ndiye kuti yatha bwino. `0x1`, pa fayilo yathuyi, ndiye kuti disiki kunalibe kapena fayilo ina yakana kukopedwa. `0x41301` ndiye kuti ikuyendabe, ndipo `0x41303` ndiye kuti sinayendepo chiitcherereni. Tsamba la History limabwera lozimitsa; dinani “Enable All Tasks History” kumanja lero lomwe, chifukwa limangolemba zochitika kuyambira pomwe mwaliyatsa.

Kwa anzanga omwe ofesi yawo ili pa Linux, nkhani ndi yomweyi: `cron` imadumpha ntchito ngati kompyuta inali yozima, pomwe `anacron`, kapena mzere wa `Persistent=true` mu tayima ya systemd, imaibweza ikayaka.

Kuyesa magetsi asanakuyeseni

Mukatchera zonsezi, yesani tsiku lomwelo. Sinthani nthawi ya ntchito ikhale mphindi 5 kutsogolo, zimitsani kompyuta mwadongosolo, dikirani nthawiyo idutse, kenako zimitsani swichi ya kukhoma kwa mphindi imodzi n'kuiyatsanso. Ngati pali UPS, zimitsani UPS yomweyo. Kompyuta iyenera kudziyatsa. Musalowetse pasiwedi, ingoisiyani mphindi 15. Mukalowa, `yatha.txt` ya lero iyenera kuonetsa nthawi ya pamene munali musanalowe. Ikapanda kudziyatsa, vuto lili mu BIOS kapena kabatire kaja. Ikayaka koma `yatha.txt` palibe, bwererani ku Settings, Conditions ndi General. Kenako bwezerani nthawi pa 4:30, ndipo mugwirizane mu ofesimo kuti ndani azitsegula `yatha.txt` Lolemba lililonse m'mawa, n'kutsegulanso fayilo imodzi ya mu bakapumo kuti aone ngati ikuwerengeka.